Tsiku Limene Amuna Onse Anatsimphina

Ndiyambe ndi kuulula uchitsiru wanga, poti ndikapanda kuunena ndekha akazi anga aunena, ndipo iwo sachotserako. Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti munthu amakhala m'dzina lake basi, ngati nkhono m'chigoba. Ndinkati ukachotsa dzina, munthu wachoka, yatsala ndi nkhani yopanda mwini imene ungayende nayo pamsika wonse. Pa bawo ku Golomoti nkhani zanga zonse zinkayamba ndi "munthu wina wake." Munthu wina wake anagwa m'ngalande ya ku Bwanje akuchokera ku mowa. Munthu wina wake anathamangitsidwa ndi tsekwe kwa apongozi. Anthu ankaseka mpaka kugwirana mapewa, ine n'kumati akuseka luso langa. Kumeneko n'kuti munthu wina wakeyo ali pomwepo, akuyang'ana m'maenje a bawo.

Sukulu ndinalekeza sitandade faifi, chifukwa ine ndi long'i divishoni sitinkamwerana madzi. Koma mwana wanga wamkazi, chitsiriza, anaimaliza yonse mpaka kukhala namwino. Anamutumiza pa kachipatala kena pakati pa Mtakataka ndi mapiri, ndipo ankagona m'nyumba ya pachipatala pomwepo. Kwathu ankabwera Lamulungu lililonse pa kabaza. Ine ndinkamutcha "anesi", iye n'kumanditcha "ababa", amayi ake n'kumatiuza tonse kuti tichepetse phokoso.

Mwanayu anali ndi tsamba lake pa intaneti, pamene ankalemba za ntchito yake. Ankalemba za likodzo la m'minda ya mpunga, za mwana wotentha thupi amene asamadikiridwe kuti kuche, za njoka ikaluma kuti osatema pabala. Anthu ankawerenga, a kabaza, aphunzitsi, azimayi a mandasi, ngakhale anzake a m'zipatala zakutali. Lamulungu akabwera ankandiwerengera, poti zilembo za pafoni kwa ine zimaoneka ngati nyerere zathawa moto.

Anali ndi malamulo ake, ndipo ankawanena ngati katekisimu. Dzina la wodwala ayi. Chithunzi ayi, ngakhale cha dzanja lokha, ngakhale cha benchi imene pakhala anthu. Mudzi ayi. Tsiku ayi. Nkhani ikachitika ankaisiya kaye igone miyezi, kenaka n'kuisakaniza ndi zina zofanana nayo mpaka isakhalenso ya munthu mmodzi. Imene singasiyane ndi mwini wake ankati amapempha mwiniwakeyo, ndipo akakana, nkhaniyo yafera pomwepo. Ngakhale ife makolo ake sankatiuza amene wabwera kuchipatala. Amayi ake akafunsa ngati mdzukulu wa kuseri kwa mjigo wachira, iye ankayankha kuti akafunse kuseri kwa mjigo.

Ine ndinkamuseka kuti nkhani zake ndi ndiwo zopanda mchere. Nkhani imafuna kanthu kogwira, ndinkatero, kachipewa kong'ambika, kamayendedwe. Alipo ena amati mchere umene anadzathira pambuyo pake anautengera kwa ine. Ine ndimakana, ndipo ndidzakanabe.

Chaka chimene ndikunenachi kunatentha zedi. Mpunga unali utakololedwa kale, anthu akuotcha ziputu m'minda, utsi uli tolo chigwa chonse. M'mudzi wina wakufupi munali chiliza cha mkulu wina, ndipo kunatuluka gule. Ine ndinapitako. Ndine wobatizidwa, inde, koma ubatizo unandipeza nditalowa kale kudambwe ndili mnyamata, kumalo kumene amuna amasungira za gule, ndipo zimene ndinaona kumeneko madzi a ubatizo sanazitsuke. Za kumeneko sindinena. Ndingonena zimene anaona aliyense amene anali pabwalo.

Chinatuluka chilombo china cha khonje wofiira kuyambira m'chiuno mpaka m'mapazi, chikuvina ndi muuni wa udzu m'manja. Chinkavina bwino, fumbi kobo. Kenaka kanabwera kamvuluvulu, kaja kosadziwika kumene kachokera, n'kupinda lawi la muuni kuligwetsera m'khonje. Khonje wouma sachedwa. Chilombo chinazungulira kamodzi, moto uli lawilawi kumbuyo kwa miyendo, n'kuthamangira kunkhalango ya kumanda, amuna angapo ali pambuyo. Ng'oma sizinaleke. Azimayi anangosintha nyimbo, maso ali pansi, manja akuomba. Fungo lokha ndi limene linatsala pabwalo, ndipo silinali la khonje yekha.

Amene si wa kuno amvetse bwino apa. Chilombo si munthu. Chimatuluka kumanda n'kubwerera kumanda. Sichipsa, sichidwala, sichikhala ndi buku la kuchipatala. Ine sindinanenepo zosiyana ndi zimenezi ndipo pano sindikunena. Madzulo a tsikulo anthu anabalalika akukamba za mowa umene unachepa, za moto ayi.

Mwana wanga za chilizacho sanamve. Anali pa ntchito, komanso iye anakulira kusukulu zogonera komweko ndi kukwaya, gule ankangomuthawa panjira ngati mtsikana aliyense. Patapita masiku, pachipatala pake panafika bambo wina atapsa miyendo. Izi ndikuzidziwa osati chifukwa anandiuza, koma chifukwa anazilemba, ndipo dziko lonse linawerenga. Bamboyo ananena kuti wapsa poyatsa ziputu, zimene m'nyengo imeneyo sizinali zachilendo. Bala linali litayamba kale kuipa. Mwana wanga anamusamalira, usiku wake mtima unamuwawa, ndipo lamulo lake logoneka nkhani analidumpha. Anaona ngati kudikira miyezi ndi kulola kuti enanso apse n'kubisala, poti moto unali m'minda monse.

Zimene analemba zinali zoona ndi zothandiza. Munthu akapsa, thirani madzi oyera ozizira kwa nthawi yaitali ndithu. Musapake dzira, mafuta, mankhwala otsukira mano kapena phulusa. Chovala chikamatirira pabala musachimatule. Phimbani ndi nsalu yoyera, bwerani tsiku lomwelo. Dzina panalibe, mudzi panalibe, chithunzi panalibe. Koma poyamba penipeni anaika mzere umodzi wa mchere. Anati sabata ino walandira bambo wina amene anapsa kumbuyo kwa miyendo, anabisa masiku angapo, ndipo m'bala anapezamo dzira louma ndi ulusi wa khonje wofiira umene anachita kuchotsa umodziumodzi.

Ine ndinazimvera pa bawo. Wa kabaza wina ankawerenga mokweza, ndipo atafika pa khonje wofiira mawu ake anatsika okha. Dzanja la amene ndinkasewera naye linaima m'mwamba, nkhomo zili m'manja. Palibe anaseka. Mmodzi ananyamuka kuti akaone mbuzi zake, wina anakumbukira kuti waitanidwa, ndipo posakhalitsa ndinatsala ndekha ndi bawo, ine amene anthu ankandisungira malo.

Pansi pa nkhaniyo anthu anali atayamba kale kulemba ndemanga. Woyamba anangofunsa ngati ndi chija chinayaka pachiliza. Wachiwiri anaseka. Kenaka anabwera a mipingo ina yosagwirizana ndi gule, n'kumati taonani, mizimu yanu ikukabayitsa jakisoni. Kenaka inayamba ntchito yowerenga amuna. Ndani sanaoneke kumsika? Ndani sanabwere ku mapemphero? Ndani wavala buluku lalitali kutentha konseku? Maina anayamba kugwa, limodzi, lina, linanso. Mwa otchulidwawo munali mkulu wa mpingo, munali wogulitsa usipa amene anali chabe ku maliro kutali, ndipo mkazi wake anatukwanidwa pa mjigo.

Mwana wanga ataona, anafufuta nkhani yonse ndi ndemanga zake. Koma foni si bolodi ya kusukulu. Anthu anali atajambula kale tsambalo, ndipo chithunzi chake chinkayenda m'magulu a pafoni kuyambira ku Mua mpaka kutsidya kwa Bwanje. Ena ankamulembera kumbali kuti angonena kuti si uje, kuti uje apume. Sanayankhe aliyense. Pambuyo pake anandifotokozera kuti ukakana dzina limodzi watsala pang'ono kuvomera lina, chifukwa anthu amangochotsera mpaka atsale mmodzi. Tsiku lomwelo anapita yekha kwa mkulu wa pachipatalapo, adokotala amene ankamuyang'anira, kukadzinenera asanamve kwa ena. Adokotalawo anamuuza kuti nkhaniyo ipita kwa akuluakulu a zaumoyo, ndipo bungwe loyang'anira anamwino likhoza kumuitana. Pa intaneti anati asalembenso kanthu, ngakhale kupepesa, poti kupepesa pa gulu ndi kutsimikiza.

Lamulungu lotsatira anabwera wapansi, nsapato zili mbuu. A kabaza onse pa siteji anali ndi matayala akuphwa tsiku limenelo. Anakhala pakhonde osavula nsapato. Amayi ake anamupatsa madzi, anamwa theka. Ine ndinayesa kanthabwala kuti anesi ayamba masewera olimbitsa thupi, koma kanagwera pansi ngati bango lonyowa.

Anatiuza kuti benchi ya pachipatala yatsala ya azimayi ndi ana okha, nawonso sakumuyang'ana kumaso. Amuna asiya kubwera, ngakhale aja otenga mankhwala a mwezi ndi mwezi. Madzulo ng'oma zikumveka kuseri kwa nyumba za pachipatala, kumene sizinamvekepo n'kale lonse. M'mawa wina anapeza mapazi ambiri pafumbi la pakhomo pake, opanda nsapato, atazungulira nyumba n'kubwerera kutchire. Palibe chinabedwa, palibe anagogoda.

"Koma zimenezo si zimene zikundisowetsa tulo, ababa," anatero. "Pali munthu amene ndimayenera kumuona, ndipo sakubwera."

Sananene zoposa zimene anali atalemba kale. Anangotifotokozera mmene bala la moto limakhalira. Limafuna kutsukidwa ndi kumangidwa mwatsopano pafupipafupi. Likasiyidwa m'bandeji yakale kutentha kotere limachita mafinya, thupi limatentha, poizoni amalowa m'magazi, ndipo munthu amatha kutaya mwendo kapena moyo. Nambala ya foni imene wodwalayo anasiya inali yozima. Ndinamufunsa chifukwa chake osangomutsatira kwawo ndi chikwama cha mabandeji. Anandiyang'ana ngati ndine wa sitandade faifi, zimene ndili.

"Ndikatuluka pageti anthu amaona kumene ndaloza. Nyumba imene ndingalowe, ndalemba dzina pachitseko. Ndikatuma mlangizi wa zaumoyo n'chimodzimodzi."

Apa m'pamene ndinaona pamene tafika. Munthu akuwola mwendo m'nyumba ina, mwina yoyandikana ndi yathu, ndipo yekhayo amene angamuthandize sangayende phazi limodzi kulowera kwa iye. Naye sangatuluke, chifukwa amene angaoneke akutsimphina kulowera kuchipatala waulula zimene sizinenedwa, pamaso pa azimayi, ana ndi mipingo yonse.

Ndinamuuza kuti andinong'oneze dzinalo, ine ndipite ngati wokacheza. Ndine bambo ake, ndinatero, komanso za kudambwe ndimazidziwa. Amayi ake anatsokomola. Mwana anapukusa mutu.

"Ndalakwa kamodzi, ababa. Musandipemphe kachiwiri."

Chimene anandilola, atagwirizana ndi adokotala pa foni, chinali kunyamula uthenga wopanda mwini. Aliyense amene ali ndi bala la moto m'dera lino abwere, kapena apite kuchipatala china chilichonse kumene sakumudziwa, koma asagone nalo. Ndinaseka mumtima. Moyo wanga wonse ndakhala ndikunena za munthu wina wake, ndipo tsopano ndatumidwa kwa iye.

M'mawa mwake ndinapalasa njinga kupita kwa mnzanga wina wa ku ubwana, amene tinalowa limodzi kudambwe, ndipo tsopano ndi mkulu kumeneko. Amaluka mphasa kuseri kwa msika wa Mtakataka. Ndinamupeza akung'amba bango ndi kampeni. Sanandipatse mpando. Ndinakhala pa chitsa, ndinamufunsa za kunyumba, anayankha mwachidule, kampeni kakuyenda. Ndinapereka uthenga wanga mmene ndinaulandirira.

"Chilombo sichipsa," anatero osadzutsa mutu. "Ndiye mwana wakoyo analemba za ndani?"

Ndinati analemba za munthu amene anapsa ndi ziputu za mpunga.

"Nanga wabwereranji kwa ine? Ine ndine wa mphasa."

Ndinkamva kampeni kokha. Ndinayesa njira ina. Ndinati mwanayo sanadziwe, anali pa ntchito, khonje kwa iye ndi chingwe chomangira mbuzi. Mnzangayo anati n'zimene akuluakulu akukambirana, ngati kusadziwa kwa mwana wa munthu wolowa ndi kusadziwa ndithu, kapena kunyumba kwake kumakambidwa zambiri pa chakudya. Atatero anandiyang'ana koyamba. Anati achinyamata ena magazi awira, iye akuwagwira, koma manja ake ndi awiri okha. Anati nyumba za pachipatala n'zamalata, koma njira yochokera kumeneko ndi ya udzu mbali zonse, ndipo chaka chino udzu wauma.

Ine pakamwa panga pamakhala mawu nthawi zonse, koma apa ndinachita kuwafunafuna. Ndinati ngati m'dera lino mungagwe maliro a mwamuna wa miyendo yowola, amene adzasambitse mtembo adzaona, ndipo sipadzafunikanso foni. Kampeni kanaima. Anatola bango lina, analiyang'ana, analibweza.

Anandifunsa ngati chipinda chomangira mabala chili ndi chitseko chotsekeka. Ndinati chilipo. Anafunsa ngati pazenera pali katani. Anafunsa nthawi imene mzere wa azimayi umatha. Kenaka anati ndipite, dzuwa lakwera, ndipo mawa ndisapite kumunda. Sanandiperekeze.

Usiku umenewo ng'oma sizinamveke konse, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kumveka kwake. M'mawa ndinakhala pakhomo monga anandiuzira. Akazi anga ankapeta mpunga. Dzuwa litapendeka anadutsa bambo wina wa msinkhu wanga, anaima pampanda, n'kunena kuti ndivale buluku lalitali, nditenge buku langa la kuchipatala, ndimange nsalu kumwendo. Ndinafunsa mwendo uti. Anati uliwonse.

Panjira ndinapeza ena. Ankatuluka m'tinjira ta m'midzi mmodzimmodzi, achikulire ndi a ndevu zakuda, alimi a mpunga, asodzi, a kabaza atasiya njinga zawo. Onse mabuluku aatali, onse nsalu zikuonekera m'akakolo, onse akutsimphina. Ena anali pa ngolo ya ng'ombe, miyendo itafundidwa chitenje. Sindinawawerenge, ndipo amene anayesa kuwerenga anasokonezeka, poti ena ankalowa pakati, ena kutsalira. Azimayi pa mjigo anasiya kupopa. Ana anathawira m'nyumba. Munamveka kukhwekhwereza kwa mapazi pafumbi basi.

Kunena zoona, ngakhale ine amene ndinali m'gululo sindinkadziwa chimene tikukachita. Ndinkayang'ana m'manja mwa achinyamata ngati muli machesi.

Mwana wanga anationera patali. Anaima pakhonde la chipatala ndi yunifolomu yake yoyera, adokotala ali kumbuyo kwake foni ili m'manja, mlonda atagwira geti osadziwa ngati atseke. Nkhope ya mwanayo sindidzaiiwala. Anandiona ndili pakati pawo, ndikutsimphina, ndipo ndinaona kuti sakudziwa ngati bambo ake abwera kudzamuteteza kapena kudzamupereka. Sanathawe.

Tinalowa, tinadzaza mabenchi, ena pansi. Mnzanga wa mphasa anapita kutsogolo, anavula chipewa, n'kulankhula kwa adokotala osati kwa mwana wanga.

"Tonse tikumva miyendo. Tilowa mmodzimmodzi, chitseko chitsekedwe. Aliyense akhalitse mofanana ndi mnzake."

Adokotala anayang'ana namwino wawo. Mwana wanga anayang'ana mabenchi, osaima pa nkhope ya aliyense, ndipo ndinaona kuti akuchita dala, maso akuyenda ngati tochi ya mlonda. Kenaka anati zabodza m'mabuku salemba. Aliyense amuyeza magazi kuthamanga kwake, amuona miyendo, ndipo alemba zimene wapeza. Mnzangayo anati zimenezo ndi za iwo a chipatala. Mwana analowa, anatseka katani, anasamba m'manja, n'kuitana woyamba.

Zinatenga madzulo onse. Munthu ankalowa, chitseko chitsekeke, ife tikhale. Ankatuluka ali ndi bandeji yoyera kapena nsalu yake yomwe ija, buluku litatsitsidwa, akutsimphinabe, osayang'ana aliyense. Adokotala ankalowa ndi kutuluka kwa aliyense mofanana. Kunja kwa mpanda kunadzaza anthu, ena mafoni ali m'mwamba, koma akanajambula chiyani? Amuna a dera lonse atakhala pa benchi.

Nthawi yanga itafika ndinalowa. M'chipindamo munkanunkha mankhwala otsukira mabala, ndipo pansi pa fungo limenelo panali lina, lolemera, limene ndinalidziwa. Chidebe cha zinyalala chinali chovundikira. Ndinachiyang'ana. Mwana wanga anachikankhira kuseri kwa tebulo ndi phazi.

"Kwezani dzanja la malaya, ababa."

Ndinati anesi, ndiye munthu uja wabwera? Anandimanga chopimira chija pamkono n'kuchipopa mpaka ndinamva ngati mkono uduka. Anati magazi anga akuthamanga kwambiri, ndidzabwerenso adzandiyeze kachiwiri, ndichepetse mchere. Ndinati mchere wake uti. Sanaseke. Anandimasula nsalu ya kumwendo, anaona ming'alu ya ku zidendene, anati ndizipaka mafuta. Kenaka tinangokhala, bambo ndi mwana, kudikira kuti nthawi yanga ifanane ndi ya anzanga.

Womaliza atatuluka, mnzanga wa mphasa anafunsa adokotala tsiku limene miyendo yathu ifunike kuonedwanso. Adokotala analitchula. Mnzangayo anavala chipewa, ndipo podutsa pamene mwana wanga anaima, ananena motsitsa, koma ine ndinamva: "Chimene mwaona m'chipindamo ndi cha m'chipindamo, amayi. Mukadzalakwa kachiwiri sitidzabwera chotsimphina."

Tinabweranso ndithu, kangapo, mpaka mvula yoyamba, chifukwa bala la moto silipola ndi tsiku limodzi. Gulu linkachepa pang'onopang'ono koma silinatsale la munthu mmodzi. Maliro a mwamuna sitinamve nyengo imeneyo. Mwana wanga anaitanidwa ndi akuluakulu ake, analandira chenjezo, tsamba lake linakhala lotseka nthawi yaitali. Masiku ano amalembanso, koma nkhani iliyonse imayamba yagona, kenaka mnzake wa kuno komweko amaiwerenga kufufuza ngati muli khonje. A kabaza anayambanso kumunyamula, ngakhale alipo amuna ena amene mpaka lero amakwera minibasi kupita kuchipatala chakutali. Zimene ndalemba panozi naye waziwerenga, patapita zaka, ndipo wandisinthitsa zingapo. Kaya khonjeyo anali wofiiradi, kaya kunali kumbuyo kwa miyendo, musalimbane nazo.

Koma ndibwerere ku tsiku loyamba lija. Ndinafika kunyumba kutada, mwendo ukundiwawadi chifukwa chotsimphina mtunda wonsewo. Mantha atachoka, lilime linabwerera m'malo mwake. Tili pamphasa ndinayamba kuwauza akazi anga kuti ine maso ndili nawo. Ndinati pa ngolo paja panali munthu wina wake amene thukuta lake silinali la dzuwa. Ndinati potsika anagwiridwa m'khwapa ndi anthu awiri, pamene enawo ankadzitsikira. Ndinati ndikaphatikiza ndi amene analowa ine ndisanalowe, ndiye kuti si winanso ayi koma...

Akazi anga anandigwira pakamwa ndi chikhatho chonunkha utsi.

"Khalani chete, abambo inu. Ife akazi tinamudziwa tsiku lomwelo pabwalo, moto usanamugwire n'komwe. Mumayesa mapazi a amuna athu sitiwadziwa? Timawadziwa onse, ndi anu omwe tinkawadziwa. Mwamvapo mmodzi wa ife akutchula? Mwana wafufuta zake. Zanu mukazinena pa bawo, palibe adzafufute, ndipo udzu uja sunanyowebe. Gonani."